Momwe mungapezere mtengo wa kampani poona ndalama zomwe idzatulutse m'tsogolo

Tiyerekeze kuti mwini fakitale yoyenga mafuta ophikira kuchokera ku soya ndi mpendadzuwa akufuna kuigulitsa, ndipo inu mwapemphedwa kunena mtengo wake. Mwiniwakeyo adzakuonetsani nyumba, makina ndi malole. Wogula wanzeru sagula zimenezo. Amagula ndalama zomwe fakitaleyo idzamupatse chaka ndi chaka, ndipo amadziwa kuti kwacha ya zaka zisanu zikubwerazi si yofanana ndi kwacha ya lero. Njira yomwe tifotokoze pano, imene pa mapepala a akatswiri imalembedwa DCF, yagona pamenepo: muyerekeze ndalama za m'tsogolo, muzitsitse kuti zifanane ndi za lero, kenako muziphatikize.

Masamu ake ndi osavuta. Povuta ndi pa manambala awiri okha: mlingo womwe mutsitsire ndalamazo, ndi liwiro lomwe mukuti kampani idzakula nalo mpaka kalekale. Manambala a fakitale yathuyi ndawapanga ndekha kuti tiphunzirepo, si a kampani yeniyeni, koma misonkho ndi mavuto a chuma omwe nditchule ndi enieni a m'Malawi.

Choyamba: pezani ndalama zomwe zimatsaladi

Phindu lolembedwa m'mabuku si ndalama zomwe mwini angatenge n'kupita nazo kunyumba. Kampani ikhoza kulengeza phindu lalikulu koma m'thumba muli mbee, chifukwa phindu lonse lalowa m'matumba a soya omwe ali m'nkhokwe ndi m'ngongole za ogula omwe sanalipire. Chomwe tikufuna ndi ndalama zotsala kampani ikalipira msonkho, ikakonza ndi kugula makina, ndiponso ikadzaza nkhokwe, koma isanalipire mabanki kapena eni masheya.

Fakitale yathu chaka chathachi inagulitsa mafuta a K20 biliyoni. Itachotsa zonse zoyendetsera ntchito, kuphatikizapo kutha kwa makina, inatsala ndi 15 peresenti, kutanthauza K3 biliyoni. Msonkho wa makampani ambiri m'Malawi ndi 30 peresenti, choncho phindu la ntchito msonkho utachoka ndi K2.1 biliyoni, kapena kuti 10.5 peresenti ya malonda. Onani kuti chiwongoladzanja cha ngongole sitinachichotse. Chidzalowa kudzera mu mlingo wotsitsira, ndipo mukachichotsanso pano ndiye kuti mwachiwerenga kawiri.

Tsopano funsani kuti: kodi fakitaleyi imafuna mpamba wochuluka bwanji kuti igulitse kwacha imodzi? Phatikizani makina, nyumba, katundu wa m'nkhokwe ndi ngongole za ogula, muchotsepo zomwe kampani isanalipire alimi ndi ena oibweretsera katundu. Tinene kuti mwapeza K8 biliyoni. Ndiye kuti kwacha iliyonse ya malonda yaima pa matambala 40 a mpamba. Malonda akakwera ndi kwacha imodzi, matambala 40 ayenera kubwerera mu bizinesi.

```
NOPAT = EBIT × (1 − t)
FCF   = NOPAT − 0.40 × (S1 − S0)
```

Pamenepa EBIT ndi phindu la ntchito msonkho usanachoke, NOPAT ndi phindu lomwelo msonkho utachoka, t ndi msonkho, S1 ndi S0 ndi malonda a chaka chino ndi chatha, ndipo FCF ndi ndalama zotsala zija.

Chachiwiri: yerekezani zaka zisanu

Musayambe ndi malonda. Yambani ndi kukwera mitengo kwa zinthu, chifukwa ndiko kumene kudzayendetse tebulo lonse. Mu 2024 mitengo m'Malawi inakwera ndi zoposa 30 peresenti. Ine pa chitsanzochi ndayerekeza kuti kukwerako kudzatsika pang'onopang'ono kuchoka pa 25 kufika pa 10 peresenti, kenako n'kukhazikika pa 8. Banki yaikulu ya Reserve imanena kuti cholinga chake ndi 5 peresenti, koma ine sindingagule kampani potengera cholinga chomwe chakhala patali zaka zambiri. Inu mukhoza kusankha manambala ena, bola mugwiritse ntchito omwewo paliponse. Pamwamba pa kukwera mitengoko ndawonjezerapo pafupifupi 4 peresenti ya kuchuluka kwenikweni kwa malita ogulitsidwa.

| Chaka | 1 | 2 | 3 | 4 | 5 |
|---|---|---|---|---|---|
| Kukwera mitengo, peresenti | 25 | 20 | 15 | 12 | 10 |
| Malonda, K biliyoni | 26.0 | 32.5 | 39.0 | 45.2 | 51.5 |
| Phindu msonkho utachoka | 2.73 | 3.41 | 4.10 | 4.75 | 5.41 |
| Zobwezera mu bizinesi | 2.40 | 2.60 | 2.60 | 2.48 | 2.52 |
| Ndalama zotsala | 0.33 | 0.81 | 1.50 | 2.27 | 2.89 |

Taonani chaka choyamba. Phindu ndi K2.73 biliyoni, koma zotsala ndi K330 miliyoni zokha. Wolakwa ndi kukwera mitengo: kuti nkhokwe idzaze soya wofanana ndi wa chaka chatha, pafunika ndalama zambiri kuposa chaka chatha. Aliyense amene anayendetsapo golosale nthawi yomwe kwacha ikugwa amazidziwa izi, kuti umagulitsa ndi phindu koma ukapita kukaoda umapeza ndalama zako zikugula katundu wochepa.

Zaka zoipa zilowe m'tebulo lomweli. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ndi chilala cha 2024 zinasokoneza ulimi, ndipo fakitale yodalira soya siingakhale ndi zokolola zabwino chaka chilichonse. Ngati 15 peresenti ija ndi ya chaka chokoma kwambiri, itsitseni ifike pa avereji ya zaka zabwino ndi zoipa pamodzi.

Chachitatu: mlingo wotsitsira

Mlingo umenewu ndi phindu lomwe obwereketsa ndi eni masheya, onse pamodzi, amafuna kuti ndalama zawo zikhale mu kampani imeneyi osati kwina. Pa mapepala umalembedwa WACC. Uli ndi mbali ziwiri, ya eni masheya ndi ya ngongole, ndipo ya eni masheya ndiyo yovuta chifukwa palibe pomwe inalembedwa.

Njira yodziwika kwambiri, yomwe William Sharpe anaifotokoza mu 1964, imayamba ndi phindu lopanda chiopsezo, n'kuwonjezerapo malipiro a chiopsezo. M'mabuku amati phindu lopanda chiopsezo ndi lomwe boma limalipira pa ngongole zake. Ku America zimenezo n'zomveka. Kuno zimasokoneza pa zifukwa ziwiri. Choyamba, ngongole ya boma la Malawi si yopanda chiopsezo, pakuti mabungwe a IMF ndi World Bank anaiika m'gulu la ngongole zomwe zafika povuta kubweza. Chachiwiri, mu 2024 chiwongoladzanja cha banki ya Reserve chinali 26 peresenti pomwe mitengo inkakwera ndi zoposa 30, ndiye wobwereketsa boma ankaluza mphamvu ya ndalama zake. Nambala yotere ikuonetsa kuti mabungwe a penshoni ndi a inshuwalansi alibe malo ambiri oikako ndalama, osati phindu lomwe munthu womasuka kusankha angavomere.

Choncho ine ndimamanga mlingo wanga m'madola, kenako n'kuusandutsa makwacha.

Ngongole za zaka khumi za boma la America zakhala zikulipira pafupifupi 4 peresenti kapena kuposerako pang'ono mu 2024 ndi 2025. Titenge 4. Pamwamba pake, anthu ogula masheya m'misika yokhwima amafuna malipiro owonjezera, ndipo akatswiri ambiri amawaika pakati pa 4 ndi 6 peresenti. Titenge 5. Nambala imeneyi timaichulukitsa ndi beta, yomwe imaonetsa ngati bizinesi imagwedezeka kwambiri kapena pang'ono poyerekeza ndi msika wonse.

Musavutike kuwerengera beta pa msika wa masheya wa ku Blantyre. Pali makampani osafika 20, ambiri mwa akuluakulu ndi mabanki, ndipo masheya ena amatha masiku osagulitsidwa. Mtengo womwe sukusuntha umaoneka ngati ulibe chiopsezo, chikhalirecho palibe amene akugula kapena kugulitsa. N'kwabwino kutenga beta ya makampani opanga zakudya a m'maiko ambiri, ngongole zawo zitachotsedwa, n'kuibwezera ngongole za kampani yanu. Aswath Damodaran wa ku yunivesite ya New York amatulutsa matebulo otere mwaulere chaka chilichonse mu Januwale, pamodzi ndi malipiro a chiopsezo cha maiko. Tinene kuti tapeza 0.8, ndipo fakitale yathu gawo limodzi mwa anayi la mpamba wake ndi ngongole.

```
beta = 0.8 × (1 + 0.7 × 25/75) ≈ 1.0
Ke   = 4% + 1.0 × 5% + 9% = 18%
Kd   = 14% × (1 − 0.30)   = 9.8%
WACC = 0.75 × 18% + 0.25 × 9.8% ≈ 16%
```

Ke ndi phindu la eni masheya, Kd ndi la ngongole, ndipo 14 peresenti ndi chiwongoladzanja chomwe tayerekeza kuti fakitale ingalipire ikabwereka madola. Pa ngongole tachotsa 30 peresenti chifukwa chiwongoladzanja chimachepetsa msonkho. Nanga 9 peresenti ija yachokera kuti? Ndiwo malipiro a chiopsezo cha dziko: kusowa kwa ndalama zakunja, kuchedwa kutulutsa phindu kunja, kusintha kwa malamulo a malonda, kuzimazima kwa magetsi. Nambalayi ndi chigamulo changa, ndipo kawirikawiri imatengedwa poona chiwongoladzanja chomwe maiko a ngongole zovuta amalipira akabwereka madola. Wina akhoza kuika 7, wina 12, ndipo onse akhoza kuteteza maganizo awo. Chomwe simuyenera kuchita ndi kulanga kampani kawiri. Ngati chilala mwachiika kale m'tebulo la malonda, musachiwonjezerenso pano. Musawonjezerenso kugwa kwa kwacha, chifukwa kukulowa m'sitepe yotsatirayi.

Kusandutsa 16 peresenti ya madola kukhala ya makwacha kumachitika ndi kusiyana kwa kukwera mitengo m'maiko awiriwa. Banki yaikulu ya ku America imafuna mitengo izikwera ndi 2 peresenti.

```
WACC_MWK = (1 + 0.16) × (1 + infl_MW) / (1 + 0.02) − 1
```

Chaka choyamba, mitengo ikukwera ndi 25 peresenti, zikutipatsa 42 peresenti. Zaka zotsatirazo ndi 36, 31, 27 ndi 25, ndipo mitengo ikakhazikika pa 8, mlingo ukhazikika pa 23. Maganizo ake ndi akuti pa nthawi yaitali kwacha imagwa molingana ndi momwe mitengo yakwerera kuposa ya ku America. Sizichitika mwadongosolo. Kwacha imagwiridwa kwa kanthawi kenako n'kugwa kamodzi, monga 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Koma pa zaka zambiri masamu amabwerera pomwepo.

Popeza mlingo ukusintha chaka ndi chaka, chogawira chake chimaunjikana. Chaka choyamba ndi 1.42. Chachiwiri ndi 1.42 kuchulukitsa ndi 1.36, kutipatsa 1.93. Kenako 2.53, 3.21 ndi 4.02. Mu Excel musagwiritse ntchito `NPV`, chifukwa imalandira mlingo umodzi wokha. Lembani mzere wanuwanu wa zogawira, mwachitsanzo `=B9*(1+C8)`, n'kuukokera kumanja. Mukagawa ndalama zotsala za chaka chilichonse ndi chogawira chake mupeza 0.23, 0.42, 0.59, 0.71 ndi 0.72. Zonse pamodzi ndi K2.67 biliyoni.

Chachinayi: mchira

Fakitale siidzatseka pakutha pa chaka chachisanu. Zaka zonse kuyambira chachisanu ndi chimodzi mpaka kutsogolo timazimanga mtolo umodzi, womwe pano tiutche mtengo wa kumchira. Chida chake ndi chomwe Myron Gordon ndi Eli Shapiro anachitchukitsa mu 1956:

```
TV = FCF6 / (WACC − g)
```

TV ndi mtengo wa kumchira, FCF6 ndi ndalama zotsala za chaka chachisanu ndi chimodzi, ndipo g ndi kukula kosalekeza. Pano ndi pomwe muyenera kukhala pansi n'kufatsa, chifukwa mudzaona kuti mchirawu ndi waukulu kuposa thupi.

Yambani ndi g. Nambalayi ili ndi mbali ziwiri: kukwera mitengo ndi kukula kwenikweni. Mbali yoyamba tasankha kale, ndi 8 peresenti, yomweyo yomwe yatipatsa mlingo wa 23. Simungaike 8 mu mlingo wotsitsira n'kuika ina mu g. Mbali yachiwiri ili ndi denga. Kampani yomwe ikukula mofulumira kuposa chuma cha dziko mpaka kalekale, tsiku lina idzakhala yaikulu kuposa dzikolo, zomwe n'zosatheka. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni, akuchuluka ndi 2.9 peresenti pa chaka, ndipo kuyambira 2022 mpaka 2024 chuma chinkakula ndi 2 peresenti kapena kuchepera apo. Mafuta ophikira amayendera limodzi ndi kuchuluka kwa miphika yomwe ili pamoto, choncho 3 peresenti ndi yokwanira, mwinanso ndaolowa manja. Kuphatikiza 8 ndi 3 kukutipatsa g wa 11 peresenti.

Munthu wozolowera malipoti a ku London kapena ku New York akaona 11 peresenti adzadzidzimuka, chifukwa kumeneko amaika 2 kapena 3. Muuzeni kuti ayang'anenso mlingo wathu wa 23. Chofunika si kukula kwa g payekha, koma mpata pakati pa manambala awiriwo, womwe pano ndi 12.

Tsopano FCF6. Ambiri amangotenga zotsala za chaka chachisanu n'kuzikweza ndi g. Musatero. Chaka chachisanu kampani inkakula ndi 14 peresenti, ndipo inkabweza mu bizinesi ndalama zoyenerana ndi liwiro limenelo. Ikatsika pa 11, zobwezera zimachepanso. Mangani chakacho mwatsopano: phindu ndi 5.41 kuchulukitsa ndi 1.11, kutipatsa 6.01. Malonda akwera ndi 11 peresenti ya 51.5, ndipo matambala 40 pa kwacha iliyonse akutipatsa 2.27. Zotsala ndi 3.74.

```
TV      = 3.74 / (0.23 − 0.11) = 31.2
PV(TV)  = 31.2 / 4.02          = 7.75
EV      = 2.67 + 7.75          = 10.42
```

Onani kuti mchirawo tagawa ndi 4.02, chogawira cha chaka chachisanu, osati cha chisanu ndi chimodzi. Chidachi chimapereka mtengo wa pakutha pa chaka chomwe chili kumbuyo kwa FCF6. Cholakwika chimenechi ndachionapo kangapo pa mapepala okongola kwambiri.

Mtengo wa bizinesi yonse, EV, ndi K10.4 biliyoni, ndipo magawo atatu mwa anayi achokera kumchira. Zimenezi zisakudabwitseni, zimatero pa makampani ambiri. Koma zikutanthauza kuti masiku omwe munatha mukukangana za malonda a chaka chachiwiri anakhudza kagawo kochepa chabe.

Kukula kuli ndi mtengo wake

Pa chida cha Gordon pali msampha. Mukakweza g n'kusiya FCF6 pomwe inali, mtengo umauluka. Ikani 15 peresenti m'malo mwa 11, mchira uchoka pa 31.2 n'kufika pa 46.8, ngati kuti malita owonjezerawo adzatuluka popanda makina atsopano ndi soya wowonjezera. Mukawerengera bwino, kukula ndi 15 peresenti kumafuna kubweza 3.09 m'malo mwa 2.27, zotsala zimatsika kufika pa 3.13, ndipo mchira umakhala 39.1. Ndiponso 15 peresenti pomwe mitengo ikukwera ndi 8 ikutanthauza kukula kwenikweni kwa zoposa 6 peresenti mpaka kalekale, zomwe zaboola denga lija.

Pali funso lina lozama kuposa pamenepa: kodi ndalama zomwe kampani ikubweza mu bizinesi zimabala bwanji? Ubale wake ndi uwu:

```
FCF6 = NOPAT6 × (1 − g / RONIC)
```

RONIC ndi phindu lomwe mpamba watsopano umabala pa chaka. M'chitsanzo chathu kampani ikubweza 2.27 mwa 6.01, pafupifupi 38 peresenti ya phindu, kuti ikule ndi 11. Gawani 11 ndi 0.38 mupeza 29. Ndiye kuti, mosazindikira, tanena kuti kwacha iliyonse yatsopano idzabala 29 peresenti mpaka kalekale, pomwe eni ndalama akufuna 23. Kodi fakitale ya mafuta ophikira ingapitirize kupambana chotero? Mafuta ndi mafuta. Phindu likanona ena amabwera ndi makina awo, ena amaitanitsa mafuta a kanjedza kunja, ndipo mitengo imatsika. Kampani yokhala ndi chiphaso chomwe ena sangachipeze msanga, monga za mafoni, kapena minda ndi fakitale zomwe zimafuna mpamba waukulu kwambiri, monga za shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa, ili ndi mpanda woiteteza. Yathuyi mpanda wake ndi waufupi.

Choncho yesani kuika RONIC pa 23, kufanana ndi mlingo wotsitsira. Kampani iyenera kubweza 11 mwa 23, pafupifupi 48 peresenti ya phindu. Zotsala ndi 3.13, mchira ndi 26.1, ndipo bizinesi yonse ndi K9.2 biliyoni. Chochititsa chidwi n'chakuti 26.1 yomweyo mukhoza kuipeza pongogawa 6.01 ndi 0.23, popanda g n'komwe. Mpamba watsopano ukamabala ndendende zomwe eni ake akufuna, kukula sikuwonjezera kanthu pa mtengo. Ukamabala zochepera, kukula kumawononga, ndipo kampani ikamakula msanga m'pamene imawononga kwambiri. Ine K9.2 biliyoni ndimaitenga ngati malire a pansi, chifukwa m'dziko lomwe mitengo ikukwera, makina omwe alipo kale amabalanso makwacha ochulukirapo popanda kuwonjezera mpamba wonsewo.

Zomwe zimachitika mukasakaniza madola ndi makwacha

Ichi ndicho cholakwika chodula kwambiri, ndipo chimabwera mbali zonse ziwiri.

Wogulitsa akhoza kubwera ndi pepala lomwe latenga makwacha a m'tebulo lathu n'kuwatsitsa ndi 16 peresenti ya madola ija. Mpata umakhala 5 m'malo mwa 12, mchira umafika pa 74.8, ndipo fakitale yomweyo ikuoneka ya K40 biliyoni. Wogula naye akhoza kubwera ndi lake, lomwe latenga 42 peresenti ya chaka choyamba n'kuigwiritsa ntchito zaka zonse, pomwe g waika 3 peresenti yomwe anaiona m'buku lakunja. Iye akupeza K4.4 biliyoni. Onse awiri masamu awo ndi olondola pa kakyuleta. Woyambayo waika kukwera mitengo mu ndalama koma wakuchotsa mu mlingo. Wachiwiriyo wakuika mu mlingo koma wakuchotsa kumchira.

Kuti muzindikire msanga, chotsani kukwera mitengo pa manambala onse awiri muone zotsala. Pa pepala lathu, 23 ndi 11 zimasanduka pafupifupi 14 ndi 3. Pa pepala la wogulitsa, 16 peresenti pomwe mitengo ikukwera ndi 25 ikutanthauza kuti mwini ndalama wavomera kuluza chaka choyamba. Pa la wogula, g wa 3 pomwe mitengo ikukwera ndi 8 akutanthauza kuti fakitale idzagulitsa malita ochepa chaka chilichonse mpaka itazimirira. Palibe mmodzi mwa iwo angavomere kuti ndi zomwe amakhulupirira.

Chachisanu: gwedezani manambala

Musapereke nambala imodzi. Sinthani mlingo wa kumchira ndi g, kukumbukira kuti g akasintha zobwezera zisinthenso, muone mtengo wa bizinesi yonse m'mabiliyoni a kwacha.

| Mlingo wa kumchira | g pa 9 | g pa 11 | g pa 13 |
|---|---|---|---|
| 21 | 11.1 | 12.0 | 13.4 |
| 23 | 9.9 | 10.4 | 11.2 |
| 25 | 9.0 | 9.3 | 9.8 |

Tebuloli likuonetsa kuti pa fakitale imeneyi mlingo ndi wamphamvu kuposa g. Kutsitsa mlingo ndi 2 kukuwonjezera K1.6 biliyoni, pomwe kukweza g ndi 2 kukuwonjezera K800 miliyoni zokha. Zili chonchi chifukwa kukula tikukulipiritsa. Mukaona tebulo la munthu wina lomwe mizere yonse iwiri ikusuntha mofanana, dziwani kuti iye kukula wakupereka kwaulere.

Yesaninso mchira ndi maso a msika. K31.2 biliyoni pogawa ndi phindu la ntchito la chaka chachisanu msonkho usanachoke, lomwe ndi 7.7, ikutipatsa 4. Lero tikuti bizinesi ndi K10.4 biliyoni pa phindu la K3 biliyoni, kutanthauza katatu ndi theka. Manambala awiriwa ndi oyandikana, ndipo n'zomveka kuti wam'tsogoloyo akulepo pang'ono popeza mitengo idzakhala itakhazikika. Mchira ukanatuluka kakhumi, mukanafunsa kuti ndani adzalipire zimenezo m'chaka chachisanu pomwe lero palibe angalipire kasanu.

Chomaliza: chotsani ngongole

K10.42 biliyoni ndi ya onse, mabanki ndi eni masheya. Ngati fakitale ili ndi ngongole ya K3 biliyoni, komanso ili ndi ndalama zake K500 miliyoni ku banki zomwe sizikufunika pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, eni masheya atsala ndi K7.92 biliyoni. Pa masheya 400 miliyoni, imodzi ndi K19.80. Bwererani mukaone ngati kuyerekeza kwathu koti ngongole ndi gawo limodzi mwa anayi kukugwirizana ndi zomwe tapeza: 3 mwa 10.9 ndi 27 peresenti, pafupi kokwanira. Zikanasiyana kwambiri mukanawerengeranso beta ndi mlingo.

Samalani ndi tsiku la mabuku. Fakitale yotere imagula soya wa chaka chonse nthawi yokolola, chapakati pa Epulo ndi Julaye, choncho ngongole yake imatupa miyezi imeneyo n'kuphwa kumapeto kwa nyengo. Mabuku otsekedwa nkhokwe ili yopanda kanthu adzaonetsa ngongole yochepa ndi ndalama zambiri ku banki, zomwe si zotsala koma zodikira soya wotsatira. Pemphani manambala a mwezi ndi mwezi mutenge avereji. Fufuzaninso ngongole zobisala: misonkho yomwe MRA ikufunabe, ndalama za penshoni zomwe sizinaperekedwe, milandu ya kukhoti, ndi makamaka ngongole za m'madola kwa ogulitsa makina kapena mafuta osayenga akunja. Ngongole ya m'madola yolembedwa pa mtengo wa boma ikhoza kukula ndi pafupifupi theka usiku umodzi: mu Novembala 2023 dola inachoka pa K1,180 n'kufika pa K1,700, ndipo amene anali ndi ngongole ya madola miliyoni imodzi anadzuka ali ndi K520 miliyoni yowonjezera yoti abweze.

Njira yonseyi musaigwiritse ntchito pa banki kapena kampani ya inshuwalansi. Kwa iwo ngongole ndiye katundu wogulitsa, ndipo simungasiyanitse ndalama za ntchito ndi zobwereka. Kumeneko mumatsitsa phindu lomwe lingagawidwe kwa eni masheya, pogwiritsa ntchito Ke yekha.

Pa fakitale yathu, ine ndikanalembera wogula kuti bizinesi yonse ili pakati pa K9 biliyoni ndi K12 biliyoni, kutanthauza K6.5 mpaka K9.5 biliyoni kwa eni masheya. Mwiniwake akaumirira pa K12 biliyoni, tebulo lija likusonyeza zomwe ayenera kutsimikizira: kuti mlingo wa kumchira ndi 21 osati 23, ndiponso kuti kwacha iliyonse yatsopano idzabalabe 29 peresenti ngakhale opikisana naye atabwera ndi makina awo.